Akuti achemwali anga ali ndi banga lakuda pa awura: ndidziwa bwanji ngati n'zoona?

*"Achemwali anga akhala akumva kutopa kwa miyezi inayi tsopano. Mnzawo anawatengera kwa mayi wina wochiritsa ndi manja, amene amati amaona awura ya munthu, kuwala kumene akuti kumazungulira thupi koma enafe sitikuona. Mayiyo anayendetsa manja pamwamba pa thupi lawo osawakhudza, n'kunena kuti pansi pa nthiti za kumanja pali banga lakuda ndipo chakira ya pamimba yatsekeka. Achemwali akuti anamvadi kutentha, komanso mayiyo anatchula za mavuto a m'banja amene sanamuuze. Tsiku limene adokotala anawapatsa lokayezetsa magazi alikankhira kutsogolo. Kodi anthuwa amaonadi china chake? Ndingadziwe bwanji popanda kuoneka ngati ndikunyoza?"*

Ndiyambe ndi chimene sichingadikire: tsiku lokayezetsa magazilo libwerere pamene linali. Kutopa kwa miyezi inayi kumabwera ndi kuchepa kwa magazi, matenda a shuga, vuto la chithokomiro, matenda a chiwindi kapena impso, nthawi zina kuvutika maganizo. Zambiri mwa zimenezi zimaoneka m'kabotolo kamodzi kapena tiwiri ta magazi. Kaya awura ilipo kapena kulibe, kuyezetsako sikuisokoneza, choncho palibe chifukwa chosankhira chimodzi n'kusiya china.

Funso lanu lili ndi mafunso atatu mkati mwake, ndipo anthu ambiri amakangana usiku wonse chifukwa chowaphatikiza. Kodi mayiyo amamvadi kapena kuonadi chinachake? Ngati amatero, chinthucho chikuchokera kwa achemwali anu, kapena m'maso, m'manja ndi m'mutu mwa iye mwini? Nanga chimene akumvacho chikunena zoona za chiwindi cha munthu? Pa funso loyamba yankho langa nthawi zambiri limakhala lakuti inde. Ambiri mwa anthu otere si akathyali. Amamvadi kutentha, dzanzi kapena kulemera m'zikhatho, ena amaonadi kuwala m'mphepete mwa mutu wa munthu. Nkhani yonse yagona pa funso lachiwiri, ndipo mwamwayi funso limeneli lingathe kuyesedwa ndi katoni, thaulo ndi ndalama yachitsulo.

Tisanafike pa katoniyo, ndi bwino mudziwe kumene mawu amene mayiyo anagwiritsa ntchito anachokera. Maganizo akuti mkati mwa thupi looneka muli matupi ena osaoneka ndi akale kwambiri. Mabuku achipembedzo a ku India amanena za zigawo zisanu zokutirana, kuyambira thupi lodyetsedwa ndi chakudya mpaka la mkati mwenimweni, komanso za mpweya wa moyo wotchedwa purana. Ku China amanena za chi, imene amati imayenda m'timisewu ta m'thupi. Chakira ndi liwu la Chisansikiriti lotanthauza gudumu, ndipo m'mabuku akalewo machakira anali malo amene munthu wosinkhasinkha amaikapo maganizo ake. Chiwerengero chake sichinali chimodzi: mabuku ena amatchula anayi, ena asanu, ena asanu ndi limodzi, ena ochuluka kuposa pamenepo.

Koma awura yamitundumitundu imene imawerengedwa ngati lipoti la kuchipatala ndi yaposachedwa. Inatchuka kudzera m'gulu la Theosophical Society, limene linakhazikitsidwa ku New York mu 1875, makamaka kudzera mwa Charles Leadbeater, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anafalitsa zojambula za anthu atazunguliridwa ndi dzira la mitundu, mtundu uliwonse ndi tanthauzo lake. Mndandanda wotchuka lero wa machakira asanu ndi awiri, iliyonse ndi mtundu wake wa utawaleza kuyambira wofiira pansi mpaka wapepo pamutu, unakhazikika kumaiko a Azungu m'zaka za m'ma 1900, ndipo sugwirizana ngakhale ndi mitundu imene Leadbeater yemweyo ananena kuti amaiona. Kukhala chatsopano sikutanthauza kukhala chabodza, ayi. Koma anthu amene onse akuti akuona chinthu chimodzi akamasiyana pa chiwerengero ndi mtundu, ndipo aliyense akuona zofanana ndi za m'buku limene anaphunziramo, pamenepo pali chofunika kuchiganizira.

Mudzamvanso akunena kuti sayansi yatsimikiza kale kuti thupi limatulutsa mphamvu. Limatulutsadi. Munthu wamkulu atangokhala phee amatulutsa kutentha pafupifupi mawati 100, ndipo kamera yoona kutentha imamuonetsa akuwala mumdima. Mtima umapanga magetsi ochepa kwambiri amene amayezedwa pakhungu kuchipatala, komanso mphamvu ya maginito yofooka kuwirikiza pafupifupi miliyoni poyerekeza ndi ya dziko lapansi, moti kuti iyezedwe bwino pamafunika zida zapadera m'chipinda chotchingidwa. Zonsezi n'zoyezeka, zili ndi manambala ake, ndipo makina awiri osiyana amapereka yankho lofanana. Awura imene ochiritsa amanena ndi ina: amati imafika masentimita ambiri kuchokera pakhungu, ili ndi mitundu, imang'ambika, imada munthu akakwiya. Palibe chida chimene chinaipezapo. Liwu lakuti mphamvu likugwira ntchito ziwiri pamenepa, ndipo ulemu wa tanthauzo loyambalo umabwerekedwa kuti uvekedwe lachiwirilo.

Nanga amaona chiyani? Mungathe kuchiona nokha madzulo ano. Muimike munthu wovala malaya ofiira patsogolo pa khoma loyera, m'chipinda chowala pang'ono. Yang'anitsitsani pakati pa chipumi chake kwa masekondi 30 kapena 40, osayendetsa maso. Posakhalitsa muona kamzere kowala m'mphepete mwa mutu wake, ndipo m'mbali mwa mapewa muoneka mtundu wobiriwira mopita ku buluu. Munthuyo akachoka mwadzidzidzi, chithunzi chake chonse chitsala pakhomapo kwa kanthawi. Chimene chachitika n'chakuti timaselo ta m'diso tomva mtundu wofiira tatopa, ndiye pamalo pamenepo diso likuona mtundu wotsutsana nawo. Popeza diso silikhala chilili koma limagwedera pang'onopang'ono nthawi zonse, chithunzi chotsalacho chimasefukira kunja kwa m'mphepete mwa munthu n'kuoneka ngati chomuzungulira. Tsopano muchotseni munthuyo, mukoleke malaya omwewo pampando, mubwerezenso. Mpando nawonso ukhala ndi awura. Chondichititsa chidwi n'chakuti malangizo amene amaperekedwa kwa ophunzira kuona awura amakhala omwewa: khoma loyera, kuwala kochepa, kuyang'anitsitsa osaphethira.

Dokotala wina wa ku London, Walter Kilner, analemba mu 1911 kuti amaona chifunga chozungulira odwala akayang'ana kudzera m'magalasi okhala ndi utoto wina wabuluu, ndipo ankakhulupirira kuti angadziwe matenda mwa njira imeneyi. Anali munthu woona mtima, wogwira ntchito pachipatala chachikulu. Koma njira yake inkafuna kuti munthu ayambe wayang'ana kuwala kudzera m'galasi lautotolo, kenako ayang'ane wodwala m'chipinda cha mdima pang'ono. Imeneyo ndi njira yotopetsera diso basi, ndipo madokotala anzake sanaitenge.

Pali anthu ena ochepa amene ubongo wawo umalumikiza zinthu zimene kwa enafe n'zosiyana, moti amaona mtundu akamva liwu kapena akawerenga nambala. Zimenezi zimatchedwa sinesitiziya, si matenda, ndipo mwa ena mtunduwo umabwera akaona nkhope ya munthu amene amamudziwa. Munthu wotere akanena kuti mnzake ndi wachikasu sakunama, koma chikasucho chikunena za mmene iye amamuonera mnzakeyo. Ndiponso, popeza tili pa za maso: aliyense amene wangoyamba kumene kuona zowala asathamangire kuganiza kuti walandira mphatso. Mizere yothwanima yokhotakhota imene imakula kwa mphindi 5 mpaka ola limodzi nthawi zambiri imatsogolera mutu waching'alang'ala. Mikombero ya utawaleza yozungulira magetsi imabwera ndi ng'ala, ndipo ikabwera pamodzi ndi diso lofiira, lopweteka kwambiri, ndi mseru, imeneyo ingakhale gulakoma yadzidzidzi, nthenda ya kupanikizika kwa madzi a m'diso, imene imafuna chipatala tsiku lomwelo.

Kutentha kumene achemwali anu anamva sindikukukayikira. Chikhatho chofunda chikafika pafupi ndi khungu, khungulo limamva. Koma ngakhale popanda chikhatho, ingoikani maganizo anu onse pa chala chachikulu cha phazi lakumanzere kwa mphindi imodzi. Muyamba kumva kugunda, kufunda kapena kunyerenyetsa kumene kunalipo kale koma simunkakulabadira. Munthu amene wagona chagada, watseka maso, ndipo wauzidwa kuti pansi pa nthiti pali vuto, amamva zambiri pamalo pamenepo. Wochiritsayo nayenso watambasula manja m'malere kwa mphindi zingapo, magazi akuyenda mosiyana m'zala, akudikira kuti amve kanthu. Onse awiri akumvadi.

Za mavuto a m'banja zija ndi zimene zimagwira anthu mtima kwambiri. Mu 1948, mphunzitsi wa za maganizo a anthu ku America, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake mayeso n'kuwalonjeza kuti aliyense alandira pepala lofotokoza khalidwe lake. Atalandira, anawapempha kuti apereke malikisi kuyambira 0 mpaka 5 posonyeza mmene pepalalo lalondolera. Pakatikati pa malikisi onse panali pafupifupi 4.3. Kenako zinadziwika kuti onse analandira pepala lofanana, lodzaza ndi ziganizo zonga zakuti mumafuna kuti anthu azikukondani, ndiponso nthawi zina mumakayikira ngati munasankha bwino. Ndiye taganizirani munthu wamkulu amene watopa miyezi inayi, mapewa ali ogwa, maso akusonyeza kusowa tulo. Kumuuza kuti pali chinachake chikumulemera kunyumba n'kuponya mwala m'nyanja: sungaphonye madzi. Wouzidwayo ndi amene amadzaza tsatanetsatane, ndipo pofotokozera anthu mawa lake amakumbukira ngati kuti mayi uja ndiye anatchula zonse. Onjezani apo kuti mnzawo amene anawaperekeza ayenera kuti analankhulapo kale ndi mayiyo popangana za tsiku.

Ine sindichepetsa luso limeneli. Munthu amene wakhala ndi anthu ovutika mazanamazana amaphunzira kuwerenga kapumidwe, kakhalidwe pampando, kanjenjemera ka mawu, mtundu wa khungu. Anamwino okhalitsa pantchito amachita zomwezo, amadziwa kuti wodwala uyu sali bwino makina asananene. Wochiritsayo angathe kulandira zonsezi osazindikira, n'kuzimva ngati mdima kapena kulemera. Ngati zili choncho, awura ndi dzina limene wapatsa nzeru zake zowerenga thupi looneka. Ndipo zimenezi zikutipatsa mayeso ake: bisani thupi, musiye awura yokha. Ngati luso likhalapobe, pali china chatsopano. Likazimiririka pamodzi ndi thupi, ndiye kuti linali kudalira thupilo.

Mayeso amenewa si atsopano. Mu 1784 mfumu ya ku France inasankha akatswiri, kuphatikizapo Benjamin Franklin ndi Antoine Lavoisier, kuti afufuze zimene Franz Mesmer ankaphunzitsa, zakuti m'zamoyo mumayenda mphamvu yosaoneka yonga maginito imene wochiritsa angaiwongolere. Odwala ankagwadi, kunjenjemera ndi kulira. Akatswiriwo anangowamanga nsalu kumaso. Mnyamata wina wazaka 12 anamutengera m'munda mmene mtengo umodzi unali utathiridwa mphamvuyo, ndipo iye anakomoka atakumbatira mtengo wina umene sunakhudzidwe n'komwe. Anthu ankamva mphamvu pamene ankakhulupirira kuti ilipo, osati pamene inaikidwa.

Koma chitsanzo choyandikana kwambiri ndi nkhani yanu ndi cha mtsikana wa ku Colorado, Emily Rosa. Ali ndi zaka 9 anafuna kuyesa njira ina yochiritsira imene inayambitsidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi Dolores Krieger, mphunzitsi wa anamwino, pamodzi ndi Dora Kunz. Ochita njirayi amayendetsa manja pamwamba pa wodwala osamukhudza, ndipo amati amamva pamene mphamvu yake yasokonekera. Emily anaimika katoni patebulo, n'kuboola mabowo awiri m'munsi mwake. Wochiritsa ankakhala mbali ina, n'kupisa manja onse awiri m'mabowomo, zikhatho zitayang'ana kumwamba, mikono itaphimbidwa ndi thaulo kuti asasuzumire. Emily ankaponya ndalama yachitsulo kuti isankhe dzanja, kenako ankaika dzanja lake masentimita 8 mpaka 10 pamwamba pa dzanja limenelo. Funso linali limodzi: dzanja langa lili pamwamba pa dzanja lanu liti?

Ochiritsa 21 anavomera kuyesedwa. Pa maulendo 280 analondola 123, amene ndi 44 pa 100 alionse. Munthu wongolota, wosamva kalikonse, amayembekezeka kulondola pafupifupi theka. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1998 m'magazini ya bungwe la madokotala a ku America, mtsikanayo ali ndi zaka 11. Otsutsa ananena kuti anthu 21 ndi ochepa, ndiponso kuti kuchiritsa kumafuna wodwala weniweni, osati mwana wathanzi kuseri kwa katoni. Mfundo yoyambayo ili ndi mutu. Koma kumbukirani kuti funso la Emily linali losavuta kwambiri poyerekeza ndi zimene ochiritsawo amachita tsiku ndi tsiku. Munthu amene akuti angathe kumva kabanga kakang'ono pa awura ya chiwindi ayenera kumva mosavuta ngati dzanja lonse lilipo kapena palibe. Ndipo ochiritsawo anavomereza njirayo asanayambe. Zifukwa zolepherera zinabwera pambuyo.

Ngati mayi uja angalole, ndipo ena amalola mosangalala chifukwa amadzikhulupirira, mungachite zomwezo. Chofunika kwambiri chimachitika musanayambe. Mufunseni popanda katoni kuti: "Mayi, dzanja la achemwali lili apa, mukulimva?" Akati inde, funsani ngati katoni kapena nsalu imatchinga awura. Ambiri amati sitchinga, pakuti amaimva kudzera m'zovala. Funsaninso ngati lero ali bwino, ngati chipindacho chili bwino, ngati kukhalapo kwanu sikukumusokoneza. Zonsezi zivomerezedwe poyamba, ndipo mugwirizane kuti muyesa maulendo 20, osapitirira, osachepera. Mulembe papepala kuti kupambana ndi kulondola 15 kapena kuposa.

Chifukwa chiyani 15? Munthu wongolota pa maulendo 20 amafika pa 12 kapena kuposa pafupifupi kamodzi pa kanayi kalikonse, choncho 12 si kanthu, ngakhale kuti pamaso imaoneka ngati yaposa theka. Kufika pa 15 kapena kuposa mwamwayi chabe kumachitika pafupifupi kawiri pa 100. Tiyerekeze kuti mayiyo wayamba bwino, walondola maulendo anayi oyamba motsatizana. M'chipindamo muchita phokoso, wina anena kuti basi taona. Musaime. Kulondola kanayi motsatizana kumachitika mwamwayi kamodzi pa 16, ndipo kuimira pamene zakoma ndi njira yofala kwambiri yodzinamizira. Mukafika pa 20 n'kupeza 11, yankho ndi lakuti palibe chimene chaoneka. Mukapeza 8, musanene kuti awura yamuthawa. 8 nayonso ili mkati mwa zimene mwayi umapereka.

Zimene zimawononga mayesowa ndi zing'onozing'ono. Musasankhe dzanja ndi mutu wanu, chifukwa anthufe timakonda kusinthasintha, kumanja kenako kumanzere, ndipo woyesedwa amagwira kachitidweko osadziwa. Ponyani ndalama maulendo onse 20 musanayambe, mulembe mndandanda, muubise. Musamuuze ngati walondola mpaka kumapeto. Woika dzanja akhale pakatikati, asapendekeke, pakuti mpando umalira ndipo malaya amakhwekhwereza. Asadzole mafuta onunkhira. Wolemba mayankho akhale chete, ndipo nkhope yake isaoneke kwa woyesedwa. Chachikulu pa zonse ndi kutentha: dzanja lofunda likayandikira kwambiri, munthu wamba aliyense angalimve. N'chifukwa chake mayiyo akapeza 16 kapena 17, musathamangire kulengeza. Yesani inuyo, amene simunaphunzirepo za awura, pa mtunda womwewo. Mukapambana nanunso, ndiye kuti nonse mukumva kufunda kwa khungu. Kenako ikani galasi pakati pa manja awiriwo, limene limatchinga kutentha kotere kwa kanthawi, mubwereze maulendo ena 20 tsiku lina. Akapambanabe pamenepo, mwapeza chinthu chimene akatswiri ofufuza angafune kuchiona ndi maso awo.

Kwa amene amati amaona, osati kumva ndi manja, mayeso ake ndi a chotchinga. Ngati awura imapitirira mutu ndi mapewa, ndiye kuti munthu akaima kuseri kwa chotchinga chongomubisa ndendende, awura yake iyenera kusuzumira pamwamba. Woonayo anene ngati kuseriko kuli munthu kapena kulibe, maulendo 20, ndalama ikusankha. Samalani mthunzi pansi ndi phokoso la mapazi. Njira ina, imene sifuna chilolezo cha wina aliyense, ndi yopita kwa ochiritsa awiri osadziwana, osawauza chimene winayo ananena, osatchula pamene pakupweteka, n'kulemba mawu awo nthawi yomweyo. Madokotala awiri akayeza shuga wa munthu mmodzi m'mawa umodzi amapeza manambala oyandikana. Ngati banga lakuda lili pansi pa nthiti za kumanja, wachiwiri ayenera kulipeza pomwepo, osati pakhosi kapena pabondo.

Mwina adzakuonetsani chithunzi cha awura. Zithunzi zotere zilipo za mitundu iwiri. Choyamba ndi cha chala kapena tsamba lozunguliridwa ndi malawi abuluu, njira imene Semyon Kirlian anaitulukira mu 1939 ku Krasnodar, m'dziko limene linali Soviet Union. Chinthucho chimaikidwa pafilimu pamwamba pa chitsulo cha magetsi amphamvu kwambiri, ndipo magetsiwo amayatsa mpweya wozungulira. Kiyi kapena ndalama yachitsulo imatulutsa malawi okongola chimodzimodzi, ngakhale ilibe moyo. Ofufuza ena anasonyeza mu 1976 kuti kusintha kwa malawi a chala kumatsatira kwambiri chinyontho cha pakhungu. Munthu wamantha amachita thukuta, choncho chithunzi chake chimasinthadi, koma chimene chajambulidwa ndi thukutalo. Mtundu wachiwiri ndi wa nkhope yozunguliridwa ndi mtambo wamitundu. Pamenepo munthu amaika manja pa tizitsulo toyeza mmene khungu likudutsitsira magetsi, ndipo makinawo amasankha mitundu n'kuiwonjezera pachithunzi. Kamerayo sinaone mtundu uliwonse pamunthuyo. Sambani m'manja, mupukute, mujambulitsenso, muone mmene mzimu wanu wasinthira m'mphindi zisanu.

Tsopano achemwali anu angakuuzeni kuti zonsezi zilibe ntchito, iwo akupezako bwino. Angakhale akunena zoona. Kugona ola lathunthu pamalo abata, wina akukusamalira ndi kukumvetsera osayang'ana wotchi, kumatsitsa nkhawa ndipo ululu umamveka wochepa. Komanso anthu amapita kukafuna thandizo pa tsiku limene zafika poipa, ndipo matenda ambiri amakwera n'kutsika okha, choncho chilichonse chimene wachita pa tsiku loipitsitsa chimatamandidwa mawa lake. Ofufuza akafuna kusiyanitsa zimenezi ndi mphamvu yeniyeni, amaphunzitsa munthu wamba kuyendetsa manja mofanana ndi wochiritsa, wodwala osadziwa kuti weniweni ndi uti. Pa njira zonga reyiki, njira yochiritsa ndi manja imene Mikao Usui anaiyambitsa ku Japan mu 1922, kafukufuku wotere sanasonyeze mokhazikika kuti weniweniyo amaposa wongoyerekeza. Mpumulowo ndi weniweni. Koma kumva bwino ndi kukhala bwino ndi zinthu ziwiri: magazi ochepa amakhalabe ochepa munthu akudzuka pabedi la wochiritsa akumwetulira.

Pamenepa m'pamene ine ndimaika malire. Sindida nkhawa ndi wochiritsa amene amanena kuti ntchito yake ndi kuthandiza munthu kupuma, ndipo amafunsa ngati wapita kuchipatala. Ndimada nkhawa ndi amene amatchula chiwalo ndi matenda, amene amati mankhwala a kuchipatala amadetsa awura, amene amapeza banga latsopano nthawi iliyonse pamene lakale latsala pang'ono kutha, ndi amene amati ukapanda kuchira ndiye kuti wakayikira. Mawu omalizawa ndi oopsa kwambiri chifukwa amatseka khomo lililonse: ukachira ndi mphamvu yake, ukapanda kuchira ndi vuto lako. Banga lakuda lingapweteke m'njira ziwiri. Lingachititse munthu wathanzi kugona ndi mantha a chiwindi chimene chilibe vuto, kapena, likalengezedwa kuti layera, lingatonthoze munthu amene chotupa chake chikukula. Ofufuza a ku yunivesite ya Yale anapeza mu 2018 kuti odwala khansa amene anasankha njira zina zokha, kusiya chithandizo cha kuchipatala, anali pa chiopsezo cha imfa chowirikiza pafupifupi kawiri ndi theka.

Polankhula ndi achemwali anu musayambe ndi Emily Rosa kapena ndi mpando wokhala ndi awura. Munthu amene wapeza womumvetsera pambuyo pa miyezi inayi ya kutopa amateteza malo amenewo ngati nyumba yake, ndipo mukawaukira mudzakhala inu mdani. Gwiritsani ntchito mawu a mayi yemweyo. Mungati: "Achemwali, mayi aja akuti pansi pa nthiti za kumanja pali vuto. Pamenepo m'pamene pali chiwindi. Tiyeni tikawauze adokotala kuti poyeza magazi aja ayezenso chiwindi, ndikuperekezani." Kuyeza kumeneko kumachitika pa magazi omwewo, ndipo adokotala akaona kuti n'kofunika amawonjezera sikani ya pamimba. Musanapite, lembani papepala zimene mayiyo ananena, mawu ake enieni, malo enieni ndi tsiku, achemwali anu akuona. Zotsatira zikatuluka muziike pambali pa pepalalo, ndipo muwalole awerenge okha.